Kumwezi Kulibe Mphepo

Mphepo yamkuntho imene inawomba usiku wa Lachiwiri inasasula denga la kalasi ya Sitandade 6. Kutacha, malata anapezeka m'munda wa chimanga kuseri kwa sukulu, atapindikapindika. Kuyambira tsikulo ana ankaphunzirira pansi pa mtengo wa mango, ndipo mvula ikangoyamba kuwaza, aliyense ankabisa kope lake m'malaya.

Lachisanu, Madamu Banda anauza ana kuti afole kutsogolo kwa kalasi yopanda dengayo.

"Komiti ya sukulu ikumana Lolemba," anatero. "Tikufuna chithunzi choti chipite limodzi ndi kalata yopempha malata. Aatali kumbuyo, aafupi kutsogolo. Limbani, chotsa chala m'mphuno."

Foni ya Madamu inali yosweka galasi, choncho anatuma Tamanda kukaitana mchimwene wake Yamikani, amene ankakonza njinga pamsika. Yamikani anabwera manja ali bii ndi girisi, anawapukutira pa buluku, n'kujambula kamodzi kokha.

"Nditumiza madzulo ndikagula bandulo, Madamu," anatero akuthamangira kuntchito.

Madzulowo Yamikani anasiya foni pamkeka popita kukasamba. Tamanda anaitola n'kutsegula chithunzi chija. Nkhope za anzake zinaoneka bwino, koma kumbuyo kwawo kunali khoma lothimbirira, mitengo ya denga itangoti yangayanga ngati nthiti za ng'ombe yowonda. Mtima wake unawawa. Msuweni wake Faith wa ku Lilongwe anali atatumiza chithunzi cha kalasi yake mwezi watha, ana atavala mataye, kumbuyo kuli maluwa ndi mawindo agalasi. Ndipo anali atafunsa kale kawiri kuti, "Nanga chanu chili kuti?"

Tamanda ankakonda zakuthambo kuposa china chilichonse. Anali atawerenga kambirimbiri buku lina long'ambika chikuto la mu ofesi ya ahedi, mpaka ankadziwa pamtima kuti Neil Armstrong anaponda pamwezi mu 1969, kuti mwezi uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 384,000, komanso kuti mapazi a anthu aja akadali pompo mpaka lero chifukwa kumwezi kulibe mphepo yoti n'kuwafafaniza. Kopanda mphepo, anaganiza choncho, denga silingasasuke.

Mufoni munali kapulogalamu kamene Yamikani ankasinthira zithunzi za anzake. Tamanda anadina apa, n'kudina apo. Khoma linazimiririka. M'malo mwake munabwera thambo lakuda lodzaza nyenyezi, mlalang'amba utayala ngati ufa wotayika pamphasa, ndipo chakumanja dziko lapansi linkalendewera, lobiriwira, laling'ono ngati lalanje. Sitandade 6 yonse inali itaima pafumbi la mwezi, Madamu Banda ali ndi choko m'manja.

Anaseka yekha. Anatumizira Faith, kenako foni inafunsa ngati asunge chatsopanocho m'malo mwa chakale. Anamva chitseko cha bafa chikulira, ndipo anangodina msangamsanga.

Yamikani anatumiza chithunzi kwa Madamu usiku womwewo, ali ndi tulo m'maso, osachiyang'ana n'komwe.

Lolemba m'mawa ana anaunjikana pa foni ya Madamu, phokoso lili pwirikiti.

"Tapita kumwamba! Taonani Limbani, akuyandama!"

Madamu sanaseke. "Komiti ikumana 2 koloko. Ndikawaonetsa chiyani? Ndikanene kuti mwezi ukufunika malata? Tamanda, mchimwene wako wachita izi chifukwa chiyani?"

Pakamwa pa Tamanda panauma gwa. "Kaya, Madamu. Mwina foniyo inasintha yokha."

"Foni ilibe manja. Ndimamuyesa mnyamata waulemu, Yamikani."

Mawuwo anamulasa, koma anangoweramitsa mutu. Nthawi yopuma itakwana anapeza Mphatso atakhala yekha pamuzu wa mango, phala lake lazizira m'kapu.

"Bwanji sukudya?"

"Ine mulibemo," anatero Mphatso motsitsa mawu. "Ndinaima kumapeto, pafupi ndi khoma. Ndayang'ana katatu. Pamene ndinaima pali nyenyezi basi."

Tamanda anakumbuka. Mphatso analibe yunifolomu, tsikulo anavala diresi lofiirira lofanana ndi njerwa. Kapulogalamu kaja kanamutenga ngati khoma n'kumufufuta pamodzi nalo.

"Agogo ndinawauza kale kuti ndajambulidwa," anapitiriza Mphatso. "Sindinajambulidwepo chibadwire. Anati ndikawaonetse. Achimwene akowo anandichotsa chifukwa cha diresili, eti?"

Tamanda anafuna kuyankha koma mawu anakanira pakhosi. Anayang'ana mapazi a Mphatso, osavala nsapato, atadinda zala zisanuzisanu m'matope. Belu linalira. Anzake akuthamangira pamthunzi, iye anapita kumene kunakhala Madamu, miyendo ikunjenjemera, n'kugwada.

"Madamu, achimwene sakudziwa kanthu. Ndinasintha ndine."

Madamu anaika cholembera pansi. "Ndiye m'mawa muja unandiuza chiyani?"

"Ndinanama, Madamu."

"Chifukwa?"

"Ndimachita manyazi ndi khomalo. Msuweni wanga akanatiseka." Misozi inayamba kutsika. "Koma Mphatso sindinafune kumuchotsa, ndithu sindinaone."

Madamu anakhala chete nthawi yaitali, akuyang'ana chithunzicho. "Ntchitoyi ndi yooneka bwino, zimenezo sindikana. Ukanabwera n'kunena kuti Madamu taonani zimene ndapanga, bwenzi titachisindikiza n'kuchipachika. Koma wasiya kuti ndimuganizire zoipa mchimwene wako, ndipo mnzako wakhala akulira m'mawa wonse. Dzuka. Uyambe ndi Mphatso, kenako uthamange kumsika. Ukamuuze wekha Yamikani, ine sindikulembera kalata."

Kupepesa Mphatso kunali kovuta, chifukwa sanayankhe chilichonse, anangopukuta m'maso ndi mkono. Kwa Yamikani kunavuta koposa. Anamvetsera ali chogwada pa tayala la njinga, sipanala ili m'manja.

"Ndiye sukulu yonse imati ndine wopanda nzeru?"

"Pepani, achimwene."

"Foni yanga usadzaigwirenso mpaka Pasaka. Tiye, nthawi yatha."

Itangokwana 1 koloko, Sitandade 6 inafolanso kutsogolo kwa khoma lomwe lija. Tamanda anagwira Mphatso dzanja n'kumukokera pakati, mzere wakutsogolo, iye n'kukaima kumapeto kuja. Yamikani anajambula katatu, ndipo Madamu anawerenga mitu pafoni mmodzimmodzi asanamulole kupita.

Usiku, Yamikani anagwira foni yekha pamene Tamanda ankamuuza zoti alembere Faith. "Lembani kuti chija ndinachita kupanga. Kalasi yathu yeniyeni ndi iyi, denga linapita ndi mphepo."

Yankho linabwera asanamalize kudya nsima. Yamikani anawerenga mokweza: "Mayo ine! Ndiye mvula ikabwera mumatani?"

Loweruka, Tamanda anatenga ndalama zimene ankasunga m'kachitini kuchokera pa zitumbuwa zimene ankagulitsira amayi ake, n'kupita nazo ku situdiyo ya pamsika pamodzi ndi Yamikani. Anasindikiza chithunzi chimodzi chokha. Agogo a Mphatso anachilandira ndi manja awiri pakhonde pawo, n'kuchiyandikiza kumaso.

"Uyu ndi mdzukulu wangadi uyu," anatero, chala chili pa diresi lofiirira. "Koma ana inu, mukuphunzira m'nyumba yopanda dengayi? Mphatso, tenga mpando, mnzakoyu akhale. Mbatata zapsa."