Tamanda, ka r kako kasowa apa

Tamanda mng'ono wanga, chithunzi cha asainimenti chija ndachiona, ndipo usadandaule kwambiri chifukwa wasemphana ndi ansala pa kanthu kamodzi basi. Funso lija likuti upeze dabo intigiro ya x² + y² pa seko yonse ya x² + y² ≤ 4. Unachita bwino kuthawa x ndi y, chifukwa ukanakakamira kumeneko bwenzi y akuyenda kuchokera pa −√(4 − x²) kufika pa √(4 − x²), masikweya ruti amenewo akanakudyera pepala lonse. Kupita ku pola ndiye nzeru yake.

Poyambira pako pali bhobho:

```
x = r cos θ
y = r sin θ
x² + y² = r²
```

Malimiti nawonso unakhoza, rediyasi ndi 2 osati 4 (ambiri amagwa pamenepa, iwe ayi), ndiye r akuchoka pa 0 kufika pa 2, θ akuzungulira kuchoka pa 0 kufika pa 2π. Pomwe zavuta ndi pamene wangochotsa dx dy nkuikapo dr dθ ngati ndi zinthu zofanana. Sizofanana ayi. Zoona zake ndi izi:

```
dA = dx dy = r dr dθ
```

Ndikufuna umvetse komwe ka r kameneka kakuchokera, chifukwa ukangoloweza udzakaiwalanso pa mayeso. Yang'ana tayala la njinga. Masipoko awiri oyandikana, kufupi ndi habu amakhala ngati akhudzana koma akamafika ku limu atalikirana ndithu, chonsecho engo ya pakati pawo ndi yomweyomweyo sinasinthe. Tinene kuti engoyo ndi 0.1 mu maradiyani. Pa sentimita 1 kuchoka pakati mpata wake ndi masentimita 0.1, pa masentimita 30 mpata wafika masentimita 3. Ndiye dθ payekha si utali, ndi engo chabe, kuti asanduke utali uyenera kumuchulukitsa ndi r. Tsono kachidutswa kakang'ono ka seko kamene ukuwonkhetsa mu intigiro kali ngati kabokosi, mbali imodzi ndi dr, mbali inayo ndi r dθ, eliya yake ndi r dr dθ. Ukasiya r ndiye kuti ukuwerengera tizidutswa ta pakati ndi ta m'mphepete ngati ndi tofanana kukula pamene ta m'mphepete ndi tatikulu.

Alekichala akafuna kuti uonetse mwa masamu, ka r ndi Jakobiyani ija. Tenga detaminanti ya mapasho derivativu a x ndi y, upeza r cos²θ + r sin²θ, ndipo poti cos²θ + sin²θ = 1 watsala ndi r yekha.

Tiyeni tsopano tiikonze:

```
∬ (x² + y²) dA = ∫[0, 2π] ∫[0, 2] r² · r dr dθ
               = ∫[0, 2π] ∫[0, 2] r³ dr dθ
```

Yamba ndi yam'kati. Intigiro ya r³ ndi r⁴/4, ukaika 2 ukupeza 16/4 yomwe ndi 4, ukaika 0 palibe kanthu. Yakunja ndi yophweka chifukwa mulibenso θ, ungochulukitsa 4 ndi 2π. Ansala ndi 8π. Iwe unapeza 16π/3 chifukwa unaintigireta r² nkupeza 8/3, ndiye waona, kuwerengera kwako kunalibe vuto, vuto linali pa chimene unkawerengeracho.

Ine ndimadziyesa chonchi ndikakayika. Ndimaika 1 m'malo mwa fankishoni, chifukwa dabo intigiro ya 1 iyenera kutulutsa eliya ya seko yomwe tonse timaidziwa kuyambira ku pulaimale. Ndi r, seko ya rediyasi a ikupereka a²/2 kuchulukitsa 2π, yomwe ndi πa², ndendende. Popanda r ikupereka 2πa, umenewo ndi utali wozungulira sekoyo osati eliya. Mphindi imodzi yokha ndipo wadziwa kale kuti china chake chasowa.

Funso lachiwiri lija la e^(−x² − y²) pa seko yomweyo ndi limene limandisangalatsa ine, chifukwa kumeneko ka r ndi kamene kakupulumutse. e^(−r²) payekha sungamuintigirete ndi njira zomwe taphunzirazi, koma r e^(−r²) ungoika u = r² basi yatheka. Yesa wekha, ukuyenera kufika pa π(1 − e^(−4)).

Funso lachitatu samala nalo. Seko ya x² + y² = 2x pakati pake sipali pa orijini, pali pa (1, 0), ndiye r sakufika pa nambala yokhazikika, akuchoka pa 0 kufika pa 2cos θ ndipo θ akungoyenda kuchoka pa −π/2 kufika pa π/2. Jambula kaye sekoyo usanalembe malimiti. Ukamaliza unditumizirenso chithunzi madzulo ano ndione usanapereke mawa.