Kwa anzathu a akaunti omwe tinamaliza ku Poly mu 2014: tikonze mbiri zathu pa LinkedIn

Achimwene ndi achemwali, komiti yaona kuti pagulu lathu la WhatsApp tilipo ambiri, koma pa LinkedIn sitikupezana. Ambiri akaunti muli nayo, vuto ndi mmene inalembedwera. Tikupempha aliyense akonze zotsatirazi tisanakumane mu Disembala.

Yambani ndi sukulu, chifukwa apa ndi pomwe tikusowanirana. Mu 2021 Polytechnic inachoka mu University of Malawi n'kukhala Malawi University of Business and Applied Sciences. Choncho ena analemba Poly, ena University of Malawi, ena MUBAS, ndipo makinawo akutiona ngati anthu a masukulu osiyana. Pa Education, mukayamba kulemba dzina pamatuluka mndandanda. Sankhani dzina pamenepo mpaka chizindikiro cha sukulu chioneke. Dzina longotayipa nokha silikulumikizani ndi tsamba la sukulu. Tagwirizana kusankha MUBAS, ndipo m'bokosi la Description mufotokoze kuti digiri inaperekedwa ndi University of Malawi, The Polytechnic, kuti zisasemphane ndi satifiketi yanu. Zaka muike zonse ziwiri, 2010 ndi 2014. Mukatero, tsegulani tsamba la sukuluyo, dinani Alumni, ikani zaka zomwezo, muona nkhope zodziwika.

Chithunzi chikhale cha nkhope ndi mapewa, chosachepera mapikiselo 400 mbali zonse, chojambulidwa powala. Cha pa ukwati chomwe mwadula mnzanu n'kutsala dzanja lake paphewa, ayi. Amene mudasintha dzina pokwatiwa, ikani lakale pa Additional name, apo ayi anzanu akudutsani.

Headline imalola zilembo 220, ndipo imaoneka pansi pa dzina lanu paliponse. Musalembepo kuti mukufuna mwayi uliwonse. Olemba ntchito safufuza mawu amenewo. Amafufuza dzina la ntchito, luso ndi malo, kawirikawiri m'Chingerezi:

```
Accountant | Payroll, VAT, Sage | ICAM member | Lilongwe
```

Za ICAM lembani ngati ndinudi membala. Pa Experience, ntchito iliyonse ikhale ndi mwezi ndi chaka, ndi mizere iwiri kapena itatu yonena zomwe munkachita: malipiro a antchito angati, misonkho iti yomwe munkapereka ku MRA, pulogalamu yanji. Ndalama za kampani ndi mayina a makasitomala musaulule. Musanasunge zosinthazo zimitsani Notify network, kuti abwana anu asalandire uthenga wa zomwe mwasintha. Chimodzimodzi Open to work: ngati mudakali pantchito sankhani Recruiters only, ngakhale izi sizibisa kotheratu.

Mbiri ikakhala bwino ndiye muyambe kuitana anthu. Pa foni, kudina Connect nthawi zambiri kumatumiza pempho lopanda mawu. Lowani kaye patsamba la munthuyo, dinani timadontho titatu, musankhe Personalize invite. Pa akaunti yaulere uthengawo sudutsa zilembo 200, ndipo mauthenga otere ndi ochepa pamwezi, ndiye asungireni amene angakhale atakuiwalani. Kwa mnzanu wa m'kalasi:

"Achimwene, tinali limodzi m'kalasi ya akaunti ku Poly, tinamaliza 2014. Pano ndikugwira za malipiro ku Lilongwe. Ndingakondwe titalumikizananso kuno."

Kwa yemwe anali mkulu wanu:

"Madamu, ndinkagwira pansi panu ku ofesi ya ku Limbe, 2016 mpaka 2018. Zomwe munandiphunzitsa pa odit ndikuzigwiritsabe ntchito. Ndikupempha tilumikizane."

Onani kuti m'mauthenga awiriwa mulibe pempho la ntchito. Munthu amene simunalankhule naye zaka khumi, mukangofika ndi CV m'manja, amangowerenga n'kukhala chete, ndipo sitingamunene. Mlonjereni, funsani za komwe ali, yamikirani akakwezedwa. Tsiku lomwe kwawo kwatuluka mpata, funso lanu likhale lachindunji: mwaona ntchito yakutiyakuti, mwafunsira kale, kodi angakuuzeni zomwe dipatimentiyo imayang'ana?

Musatumize mapempho mwachisawawa. Malire ali pafupifupi 100 pa sabata, ndipo anthu ambiri akadina kuti sakukudziwani, akaunti imatha kuletsedwa kuitana ena. Anthu 10 kapena 15 pa sabata akwanira. Pempho lomwe mwalibweza simungalitumizenso kwa munthu yemweyo mpaka patatha masabata atatu.

Akamberembere nawo aliko. Wina amatenga dzina ndi chithunzi cha mnzathu, n'kulonjeza ntchito ku Joni kapena ku bungwe lakunja bola mutumize ya fomu pa Airtel Money kapena Mpamba. Musanatumize kanthu, muimbireni mwini dzinayo pa nambala yomwe ili pagulu. Yatsaninso Two-step verification mu Settings.

Mukamaliza, fupikitsani linki yanu pa Edit your custom URL, muiponye pagulu pofika pa 30 Novembala. Mlembi aziika zonse pamndandanda umodzi womwe tidzagawane pamkumano.

Komiti ya kalasi ya 2014