Kamera ya Bambo Gondwe

Kwa miyezi itatu, buledi ndi shuga zinkasowa mu golosale ya Bambo Gondwe pamsika wa Ndirande. Loko osathyoledwa, zenera lili bwinobwino. Mtima wawo unkaloza Yohane, mnyamata wogulitsa, ngakhale pakamwa sanatchule.

Lachisanu anagula kamera ku Limbe, naimangirira pamwamba pa shelefu ya sopo. Usiku umenewo magetsi sanazime, mwamwayi.

M'mawa, asanamwe n'komwe tiyi, anatsegula foni. Mpaka 11 koloko munalibe kanthu, khoswe yekha akuyendera matumba a ufa. Kenako chitseko chakumbuyo chinatseguka ndi kiyi. Analowa munthu wofunda chitenje kumutu, natenga buledi awiri, shuga paketi imodzi ndi Sobo. Munthuyo atatembenuka, Bambo Gondwe anagwira pakamwa.

Anali akazi awo.

Anawapeza kuseri akutsuka mbale.

"Amake Tadala, usiku munali kuti?"

Mayiwo anayang'ana foniyo, kenako anapukuta manja pachitenje. Sanachite mantha.

"Kwa Esinati. Mwana wanu yemwe munamuthamangitsa chifukwa cha mimba uja. Akukhala ku Makata, m'kachipinda kodontha. Anachira mwezi watha, mwana wamwamuna. Mumati adye chiyani?"

Bambo Gondwe anakhala pa mpando wa njerwa nthawi yaitali, osayankhula. Yohane atafika, anamupatsa makiyi, maso ali pansi.

"Utsegule wekha lero, mwana wanga."

Anatenga thumba la ufa, nalinyamula paphewa.

"Tsogolani, mayi. Njira sindikuidziwa."