Kalata yosiyirana ntchito: kukonza kaundula wa odwala BP ndi shuga

Kwa a Nachisale,

Ndikupita kutchuthi Lachisanu, ndiye kaundula wa pakompyuta uja ndikusiyirani inu. Ndakonza kuyambira mzere 2 mpaka 900. Otsala ndi 901 mpaka 1,846. Werengani kalatayi mpaka kumapeto musanakhudze chilichonse, chifukwa lipoti lathu la mwezi lopita ku DHIS2, dongosolo la pakompyuta losonkhanitsira malipoti a zaumoyo, limachokera m'fayilo imeneyi, ndipo munthu mmodzi akaoneka kawiri, timawerengera odwala amene kulibe.

Fayilo yoyamba, `kaundula_woyamba.xlsx`, musaigwire. Inu gwirani ntchito mu `kaundula_wokonza.xlsx`. Madanga A mpaka G ndi zimene zinalembedwa poyamba: nambala ya wodwala, dzina, dzina la bambo, mudzi, tsiku lobadwa, tsiku lobwera koyamba ndi foni. Zokonzedwa zonse zikupita kumadanga atsopano, kuyambira I kupita kumanja. Zakale zikhale momwemo kuti wina akadzafunsa tidzamuonetse pomwe tinasintha.

Yambani ndi masiku, poti apa ndi pamene pali chisokonezo chachikulu. Excel sasunga tsiku monga momwe tikulionera, amasunga nambala: 1 Januwale 2024 kwa iye ndi 45292. Tsiku lenileni limakhala kumanja kwa kabokosi, pamene lomwe walitenga ngati mawu wamba limakhala kumanzere. Maso amanama, choncho yesani ndi iyi:

```
=ISNUMBER(F901)
```

Ikayankha `FALSE`, limenelo si tsiku ayi, ndi zilembo chabe. Masiku otere, monga 25/04/2024, akopereni kudanga latsopano, sankhani dangalo, pitani pa `Data`, kenako `Text to Columns`, ndipo pa sitepe yachitatu musankhe `Date` ndi `DMY`. Olembedwa ndi mawu, monga "12 Malichi 2024", Excel sawadziwa. Amenewo mulembenso ndi manja. Ndinawapeza 41 m'gawo langa.

Oopsa kwambiri ndi amene amayankha `TRUE` koma ali olakwika. Mizere 1,210 mpaka 1,475 inalembedwa pa laputopu ija inabwerekedwa, yomwe inatcheredwa mwa ku America, mwezi patsogolo, tsiku pambuyo. Mlembi ankalemba 03/04/2024 akutanthauza 3 Epulo, makina n'kusunga 4 Malichi. Tsiku likapitirira 12 makinawo ankalephera kulitembenuza, n'kulisiya ngati mawu, ndipo limenelo muligwira mosavuta. Koma kuyambira 1 mpaka 12 anatembenuza mwakachetechete. M'mizere imeneyi mokha, pa masiku amene kale anali `TRUE`, gwiritsani ntchito iyi:

```
=DATE(YEAR(F1210),DAY(F1210),MONTH(F1210))
```

Musanaikokere pansi, tengani buku lalikulu la kaundula lomwe lili m'kabati, muyerekeze mizere khumi. Ikagwirizana, pitirizani. Kunja kwa mizere imeneyi fomulayi iwononga masiku abwinobwino.

Chinanso pa tsiku lobadwa: chaka chikalembedwa ndi manambala awiri, Excel amatenga 00 mpaka 29 ngati zaka za m'ma 2000. Agogo obadwa 1929 amene analembedwa 29 asanduka mwana wodzabadwa 2029. Sanjani danga E, muone aliyense wooneka kuti sanabadwe kapena ndi khanda. Mukatha, masiku onse aoneke mofanana, `yyyy-mm-dd`, kuti wina asadzasokonezekenso.

Tsopano mayina. Mipata yobisika ndi zilembo zazikulu zosokonekera zimachoka ndi iyi:

```
=PROPER(TRIM(SUBSTITUTE(C901,CHAR(160)," ")))
```

Koma samalani, `PROPER` sadziwa Chichewa. Amakweza chilembo chilichonse chotsatira kachizindikiro, moti Ng'oma amasanduka Ng'Oma, Mang'anda n'kukhala Mang'Anda. Mukatha sefani mayina onse okhala ndi kachizindikiroka, muwabweze ndi manja.

Kalembedwe kosiyana palibe fomula imene ingakuthandizeni. Mupeza Phiri ndi Piri, Nkhoma ndi Nkoma, Mphatso ndi Mpatso, Maliya ndi Maria, Esinati ndi Esnart. Zambiri zimachokera pa h wosiyidwa ndi pa l ndi r. Dzina la munthu musalisinthe chifukwa choti inu mumalilemba mwina. Titsata chomwe chili pa chiphaso chaunzika, ndipo ngati palibe, chomwe chili pa buku lake la kuchipatala. Kalembedwe kenako kasungeni m'danga la `Dzina_lina`, kuti akadzabwera n'kutchula mwa njira ija tidzamupeze. Mayina a midzi okha ndiwo tikuwafananiza onse: mndandanda umene anatipatsa alangizi a zaumoyo uli patsamba la `Midzi`, tengani kalembedwe ka pamenepo.

Manambala a foni ambiri anataya 0 woyamba. Danga latsopano la foni liyambe lakhala `Text`, kenako mum'bwezere.

Zonsezi zikatha m'pamene mungafunefune obwerezedwa, osati poyamba. M'danga L muli kiyi yophatikiza dzina, dzina la bambo ndi tsiku lobadwa, ndipo M amawerenga kuti kiyiyo yapezeka kangati:

```
=LOWER(I901&"|"&J901&"|"&TEXT(K901,"yyyy-mm-dd"))
=COUNTIF(L:L,L901)
```

Ndikupemphani ndi mtima wonse, batani la `Remove Duplicates` musalidine. Limasunga mzere woyamba n'kutaya enawo osafunsa, pamene nthawi zambiri mzere wachiwiri ndi umene uli ndi foni yatsopano kapena mudzi umene munthu anasamukira. Komanso kufanana kwa kiyi si umboni. Akuluakulu ambiri amangodziwa chaka, ndiye alembi ankawaikira 1 Januwale. M'gawo langa ndinapeza amayi awiri, dzina limodzi, onse 1 Januwale 1958, koma midzi yosiyana, wina wa shuga, wina wa BP. Ndikanawaphatikiza, mmodzi akanasowa m'kaundula, ndipo akanasiya kubwera palibe akanakamuyendera kumudzi.

Kiyi imaphonyanso ena. Mayi amene analembetsa ndi dzina la bambo ake, n'kudzabweranso ndi la amuna awo, makina amamuona ngati anthu awiri. Mapasa nawo, tsiku limodzi, mudzi umodzi, mayina oyandikana, amaoneka ngati munthu mmodzi wolembedwa molakwika. Choncho sanjaninso fayilo potengera mudzi ndi chaka chobadwa, muyende ndi maso mzere ndi mzere. N'zotopetsa, ine zinanditengera masana atatu, koma obwerezedwa 19 mwa 63 amene ndinawapeza anatulukira njira imeneyi.

Mukatsimikiza kuti ndi munthu mmodzi, sungani mzere wa nambala yakale ndi tsiku lobwera koyamba lakale kwambiri. Foni ndi mudzi tengani zatsopano. Nambala inayo ilembeni m'danga la `Nambala_ina`, chifukwa mwina ndi imene ili pa buku lomwe wodwalayo amanyamula. Mzere wotsalawo musaufufute, usamutsireni kutsamba la `Ophatikizidwa`, mulembe tsiku ndi chifukwa. Pamene mukukayika, pakani mzerewo chikasu, muusiye. Ndasiya achikasu 11. Mndandanda wawo ndaupereka kwa anamwino a kiliniki kuti Lachiwiri anthuwo akabwera adzaone mabuku awo.

Madzulo aliwonse werengani: mizere yonse imene idakali m'kaundula kuphatikiza ya patsamba la `Ophatikizidwa` ikwane 1,845, osawerengera mzere wa mitu. Ikaperewera, pena pafufutika. Bwererani kufayilo ya dzulo, n'chifukwa chake muzisunga ina tsiku lililonse yokhala ndi deti m'dzina lake.

Fayiloyi ili ndi matenda a anthu amene timakumana nawo kumsika ndi kutchalitchi. Isatuluke pa kompyuta ya muofesi, isapite pa WhatsApp kapena pa fulashi yanu. Mukafuna kundifunsa, tumizani nambala ya mzere yokha, osati dzina. Nambala yachinsinsi yotsegulira ndikuuzani pakamwa Lachinayi, ndipo tidzakonzere limodzi mizere makumi awiri yoyamba ndisanachoke.

Ndine mnzanu pantchito,
Nabanda