Zithunzi za Amayi Tembo

M'sitolo yake ku Chawama, Bambo Zulu analandira chithunzi pa WhatsApp: mpope wa kukhitchini, popanda mawu. Anatuma mnyamata ndi mpope watsopano wa theka la inchi. Unabwezedwa.

Chachiwiri chinaonetsa pansi ponyowa. Anatumiza guluu wa mapaipi. Nayenso anabwerera, chifukwa paipi ya Amayi Tembo inali yachitsulo, guluuyo amagwira pulasitiki yokha.

Chachitatu chinali chala choloza pamutu pa mpope. Apa Bambo Zulu anaimba foni.

"Amayi, kodi ukudontha mukatseka?"

"Eya, bambo. Magalasi anasweka, sindikuona zilembo. Zithunzizo amajambula ndi mdzukulu wanga."

Bambo Zulu anatenga kawashala ka labala ndi sipanala.

"Tsekani madzi pa mita, ndikubwera."