Uthenga kwa Akhristu onse pa sabata ya kusala kudya

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu.

Kusala kwathu kuyamba Lolemba pa 5 Januwale ndipo kudzatha Loweruka pa 10. Tizisala kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, pamene tizikumana kutchalitchi kupemphera ndi kumasula limodzi. Madzi imwani tsiku lonse, makamaka inu amene mukupalira kumunda.

Bwalo la akulu a mpingo lagwirizana kuti anthu awa asasale chakudya: amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, agogo athu, ana, ndi aliyense amene akudwala kapena wangotuluka kumene m'chipatala. Sitikupempha, tikulamula. Mayi woyembekezera akasala, wasalitsanso mwana amene sanavomere.

Za mankhwala timvetsetsane bwino. Amene mumamwa ma ARV, mankhwala a TB, a BP kapena a khunyu, musadumphe ngakhale tsiku limodzi, ndipo musasinthe nthawi. Ino ndi nyengo ya malungo. Amene wapatsidwa LA amalize masiku atatu onse, ndipo mankhwalawa amafuna chakudya kuti agwire bwino ntchito. A matenda a shuga, inu ndiye tikukuchondererani kwambiri. Kubaya insulini kapena kumwa mapiritsi m'mimba mulibe kanthu kumatsitsa shuga mpaka munthu kukomoka. A zilonda za m'mimba nanunso muzidya. Wina akakuuzani kuti kusiya mankhwala ndiko chikhulupiriro, mau amenewo sanachokere ku mpingo uno.

Tikudziwa kuti agogo ena atikwiyira, poti akhala akusala kuyambira ife tisanabadwe. Agogo, phala lanu imwani, nsima idyani, ndipo ntchito takupatsani yaikulu: muzitchula pamaso pa Mulungu maina a zidzukulu zanu ndi odwala a m'mudzi mwanu, m'mawa ndi masana. Ena amene simusala mungasiye wailesi, foni kapena ndiwo ya nyama, monga anachitira Danieli pa chaputala 10.

Inu osala, mukaona mnzanu akudya musamufunse chifukwa. Matenda ena munthu salengeza. Werengani Mateyu 6:16-18. Ndipo mukamva chizungulire, kunjenjemera, thukuta lozizira kapena maso akuchita mdima, masulani pomwepo ndi tiyi wa shuga kapena thobwa. Zikapitirira, pitani kuchipatala, abusa muwadziwitse pambuyo.

Januwale ndi mwezi wa njala, ndipo m'nyumba zina moto sukuyaka masana popanda kusala kulikonse. Potsata Yesaya 58:7, ufa umene mukadaphika masana muuike padera. Amayi a chigwirizano adzaulandira Lachisanu pakhomo la tchalitchi, ndipo Loweruka m'mawa adzakagawira okalamba ndi odwala. Amene muli ndi sopo kapena nyemba, bweretsaninso.

Amene muli ndi foni, awerengereni uthengawu anzanu amene alibe.

Ine wanu mu utumiki,
Mlembi wa mpingo, m'malo mwa Abusa ndi akulu a mpingo