Kwa a banja la agogo aNaphiri: mphatso ya zaka 80

Amalume, amayi, amayi aang'ono, alamu, asuweni ndi nonse zidzukulu za agogo aNaphiri, ndakupatsani moni. Ndine Chisomo, mwana wa amayi aNaphiri aakulu, ndikulemba kuchokera ku Lilongwe. Sindikulemba mwa ine ndekha ayi, andituma ndi amalume a Yohane titakambirana Lamlungu lapitali kumudzi. Uthengawu ndi wautali, pepani, koma muwerenge mpaka kumapeto chifukwa muli nkhani ya ndalama.

Loweruka pa 15 Ogasiti chaka chino agogo akukwanitsa zaka 80. Kale tinkangoti anabadwa njala ya 1949 isanafike, koma amayi aang'ono a Rozina apeza khadi lawo la ubatizo la ku Guilleme m'sutikesi yakale ija, ndipo lalembedwa 1946. Tsikulo lagwa bwino: anthu adzakhala atakolola, ana ali pa tchuthi, msewu wochokera pa Kamwendo kulowa kumudzi uli wouma. Tagwirizana kuti tidzakumane tonse kwa agogo, ndipo tidzawapatse mphatso imodzi yaikulu m'malo moti aliyense adzabwere ndi kapaketi ka shuga ndi sopo.

Mphatsoyo ndi denga. Tikufuna kukhoma malata pa nyumba ya agogo.

Amene munapitako dzinja lathali mukudziwa mmene zinthu zilili. Makoma ndi abwino, njerwa zake ndi zootcha zija anaumba agogo aamuna asanamwalire. Koma udzu watha, pepala la pulasitiki lapansi pake linang'ambika, ndipo mu Febuluwale agogo ankagona mphasa ataikokera pakona, mabeseni awiri ali pakati pa chipinda kulandira madzi. Chaka ndi chaka amalume amamweta udzu n'kufolera, koma nawonso msana wayamba kukana, komanso tsekera masiku ano ndi wogula, madambo onse anasanduka madimba. Agogo sadandaula, mukuwadziwa. Ukawafunsa amati, "Ndi madzi chabe, si moto." Koma chifuwa chimene chinawagoneka m'chipatala cha pa boma mu Malichi sichinachokere kumwamba.

Maganizo ena analipo ndipo sitinawataye popanda kuwaganizira. A Limbani ananena za foni yamakono. Agogo ali ndi kafoni ka mabatani kamene amakamangirira pa nsonga ya chitenje, ndipo kamawakwanira. Yamakonoyo ikanathera m'manja mwa anyamata a pamudzi. Ena amafuna phwando la matenti, zokuzira mawu ndi keke ya nsanjika. Ine maganizo anga, ndipo ndinanena pamaso pa onse, ndi akuti ndalama ya matenti imatha dzuwa likamalowa, mawa lake agogo n'kubwerera m'nyumba yodontha. Zowatenga kuti azikakhala m'tauni tisazitchulenso. Anakhalako milungu itatu kwathu ku Area 25, tsiku lililonse ankafunsa za nkhuku zawo ndi za anzawo a kumphakati.

Mitengo ndi iyi, monga a Mphatso anaifunsira m'mashopu a pa Kamwendo ndi pa boma sabata yatha. Malata 24 a mafiti 10, limodzi K26,000, akukwana K624,000. Matabwa K280,000. Misomali, waya ndi malata a pamsonga K96,000. Simenti matumba 6 yotsekera mipata ya pamwamba pa khoma ndi kuzira pansi m'chipinda chogona, K210,000. Mmisiri wavomera K150,000, ndi bambo yemwe uja anakhoma tchalitchi chaching'ono cha kumudzi, ntchito yake mukhoza kukaiona. Denga lonse ndi K1,360,000. Pamwamba pake tikufuna matiresi enieni a K160,000 ndi kasola ka mababu atatu kotchajira foni ka K180,000, kuti asamatumenso ana kukatchajitsa ku golosale. Taikaponso K100,000 yapadera chifukwa mitengo ya masiku ano mukuidziwa, umafunsa Lolemba, Lachisanu wasintha. Zonse pamodzi K1,800,000. Kututa katundu n'kwaulere, alamu a Fulatira apereka ngolo yawo.

Ndalamayo ikuoneka yoopsa ukaiona yokha. Koma agogo anabereka, ndipo paja akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Ulendo uno dengalo ndi lenileni. Tagawa motere. Ana awo anayi amene ali moyo, aliyense K150,000. Zidzukulu zimene zili pa ntchito kapena pa geni yokhazikika tawerenga 12, aliyense K75,000. Apa tafika K1,500,000. Yotsalayo, K300,000, tikuyang'ana kwa achimwene athu a ku Joni, kwa abale a ku Chipata, ndi kwa aliyense amene mtima wamuuza kuti aonjezere. Achimwene a ku Joni, sikuti tikuganiza kuti kumeneko ndalama mumatola pansi, tikudziwa mmene mukuvutikira. Tangoti tisakuikireni mlingo, muone nokha.

Nambala zimenezi si msonkho. Amene sangakwanitse K75,000 apereke zimene angathe, ndipo andiuze ine kapena a Mphatso kumbali, osati pagulu. Palibe amene adzawerengedwe dzina pa tsikulo kuti uyu anapereka zakuti. Amene muli kumudzi ndipo ndalama ili m'munda, thumba la mtedza kapena la soya tilandira, a Mphatso akagulitsa pa msika wa pa Kamwendo n'kulemba mtengo wake pa dzina lanu. Amene fodya wanu adakali ku okushoni, tiuzeni tsiku limene mukuyembekeza, tidikira. Ana a sukulu musapereke ndalama. Inu ntchito yanu ndi kutunga madzi, kututa mchenga ku dambo ndi kupatsira mmisiri malata.

Pali mawu amene ndamva akuyenda m'mbali, ndiye ndi bwino ndiwayankhe poyera. Akuti bwanji tikongoletse nyumba imene mawa idzatsalira munthu mmodzi. Amalume ayankha kuti nyumbayo ili pa malo a mbumba, ndipo idzakhala ya mbumba: yofikiramo aliyense wa ife akabwera kumudzi, pa ukwati kapena pa zovuta. Anena kuti adzabwereza mawu amenewa pamaso pa a mfumu pa 15 Ogasiti pomwepo. Koma kunena zoona, abale anga, ine funsoli linandiwawa. Agogo ali moyo, akuyenda okha kupita ku Misa, akusenda mtedza pakhonde, ife tayamba kale kugawa nyumba yawo?

Pa maliro a amalume a Petulo tinasonkha ndalama yoposa iyi m'masiku awiri okha, bokosi, galimoto, chakudya, zonse zinatheka, ndipo palibe anafunsa kuti bokosilo lidzatsalira ndani. Banja lathu pa zovuta limagwirana manja, zimenezo n'zonyaditsa. Chimene tikupempha n'chakuti kamodzi kokha tisonkhe mwini wake akuona, alowe m'nyumbamo ndi miyendo yake, ayang'ane kudenga, atinyoze kuti tawononga ndalama monga amachitira, kenako agone pouma.

Achinyamata amene munabadwa sukulu ya pulayimale itakhala kale yaulere mu 1994, mwina simudziwa kuti makolo anu anaphunzira bwanji. Fizi inkachokera mu mtedza wa Chalimbana umene agogo ankasenza pamutu kupita nawo ku ADMARC, ndi m'mowa wa masese umene ankafulula ngakhale abambo mfumu ankawadzudzula. Pa njala ya 2002, ife amene tinali ana panthawiyo tinatumizidwa kumudzi chifukwa m'tauni munalibe chogwira. Tinalipo asanu ndi awiri m'nyumba yomweyi. Agogo ankadzuka kusanache kukagwira ganyu m'minda ya kutsidya kwa malire, madzulo n'kubwera ndi kambale ka madeya. Ankatigawira phala ife, iwo n'kunena kuti adya kale kumene anali. Tinakula tisanazindikire kuti linali bodza. A Limbani, a Mphatso, a Tadala, inu munalipo, mundikonze ngati ndawonjezera.

Tsopano katumizidwe. Msungichuma ndi a Mphatso, pa nambala zawo zomwe zija tinagwiritsa ntchito pa maliro, ya Airtel Money ndi ya TNM Mpamba, zonse zili pa gulu lathu la WhatsApp. Musatumize kwa ine, kwa amalume kapena kwa wina aliyense, ndalama ikhale pamalo amodzi. Potumiza muonjezereko kangachepe kotapira, chifukwa ulendo watha ndalama yotapira inatuluka m'thumba la a Mphatso. Mukatumiza, atumizireni uthenga wotsimikiza uja ndi dzina lanu, makamaka ngati mwatumizira pa wothandizira kapena pa foni ya mnzanu. A ku Joni, Mukuru ndi yabwino, m'dzina la a Mphatso monga lilili pa chiphaso chawo. A ku Chipata, azakhali a Esinati amadutsa pa Mwami pafupipafupi ndi geni yawo, avomera kutenga n'kusinthitsa. Lachisanu lililonse a Mphatso aziika pagulu ndalama yonse imene yalowa, popanda mayina, ndipo malisiti onse a katundu adzajambulidwa kuti aliyense aone. Ikatsala, idzapita ku mankhwala a agogo a kuthamanga kwa magazi.

Tsiku lomaliza ndi Loweruka pa 18 Julayi. Koma amene muli nayo kale musadikire tsikulo. Tikufuna kugula malata ikangokwana K624,000, mtengo usanakwere. Mukhozanso kupereka kawiri, theka kumapeto kwa Meyi, theka kumapeto kwa Juni. Mmisiri ayamba pa 27 Julayi ndipo akuti sabata imodzi ndi theka imukwanira.

Ena munafunsa ngati tingawabisire agogo. Denga silibisika, komanso sibwino kusasula nyumba ya munthu wamkulu iye osadziwa, angaganize zina. Amalume awauza okha mwaulemu wake, ndipo pa nthawi ya ntchito agogo adzakhala kwa amayi aang'ono a Rozina pa boma, adzapezerepo mwayi wopimitsa maso. Chinsinsi ndi matiresi ndi sola basi. Tadala, ndikunena iwe, usakayambe kuseka ukawaona.

Za chakudya cha tsikulo sizikukhudza ndalama iyi. Amalume apereka mbuzi, amayi afulula thobwa, khomo lililonse la kumudzi libweretsa ndowa ya ufa, ife a m'tauni mpunga, mafuta ophikira ndi zakumwa. Keke yaing'ono ndigula ine, ya ana. Za chitenje chofanana, amene akufuna akambirane ndi alamu a Fanny, koma chisadye ndalama ya denga.

Chonde aliyense ayankhe pofika Lamlungu likubwerali, ngakhale kungoti "ndaona, ndipereka mwezi wakuti", kuti tidziwe poyambira. Amene muli pafupi ndi azakhali a ku Kapiri ndi agogo aang'ono a ku Mkanda, amene alibe WhatsApp, muwawerengere uthengawu kapena mundiuze ndiwaimbire.

Zikomo kwambiri.

Ine mwana wanu ndi m'bale wanu,
Chisomo
(m'malo mwa amalume a Yohane)